Mapiritsi a amayi ndi phunziro la impso limene ndinaliiwala

Pepani kuti ndakhala chete nthawi yaitali, mukudziwa mmene kuchonga kumatipanira teremu ikamatha. Lero sindilemba za silabasi kapena za mayeso. Ndilemba za amayi anga, ndi za cholakwa chimene ndinachita ine mwini, mphunzitsi wa bayoloje amene ndajambula impso pa bolodi kambirimbiri mpaka choko kundithera m'manja. Ndakhala ndikuzengereza kuilemba nkhaniyi chifukwa imandichititsa manyazi, koma sabata yatha mu sitafu rumu mnzanga wina amene amamwa mankhwala a bipi anadandaula za m'mimba, ndipo nditamufunsa ngati akudziwa zoyenera kuchita ndi mapiritsi ake, anangondiyang'ana. Ndiye ndati basi, ndilembe.

Mukukumbukira Januwale wa 2023. Kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 anali atafika poipa, mpaka boma linachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe. Mliri umenewo unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 m'dziko muno. Kuno ku Thuchila mvula inali ikugwa, mtsinje uli wofiira ndi matope, ndipo munthu akangoti m'mimba mwandipotokola, aliyense ankamuyang'ana ndi diso la mantha.

Amayi panthawiyo anali ndi zaka 68 ndipo ankakhala nafe. Anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo m'buku lawo la kuchipatala munalembedwa mankhwala awiri a m'mawa uliwonse: HCT wa mamiligalamu 25 ndi enalapril wa mamiligalamu 10. Mayina a mankhwalawa ndiwalemba monga mmene amalembedwera pa kapepala ka mapiritsi, kuti mukathe kuwazindikira kunyumba. Woyang'anira mapiritsiwo ndinali ine. Ndinkachonga pa kalendala ya pakhoma ngati kaundula wa m'kalasi, ndipo ndinkanyadira kuti amayi sanajombepo. Kuchipatala anatiuza kuti mankhwala a bipi sadumphitsa, ndipo ine lamulo ndikaligwira ndimaligwira ndi manja awiri. Amene ndinakuphunzitsani mukundidziwa.

Lachitatu lina amayi anapita kumaliro m'mudzi woyandikana nafe, ndipo anadya ndi kumwa komweko. Lachinayi usiku anayamba kutsegula m'mimba, ndipo pofika m'bandakucha anali atapita kuchimbudzi kasanu ndi kusanza kawiri. Lachisanu m'mawa ndisanapite kusukulu ndinawatengera mapiritsi awo ndi kapu ya madzi. Iwo anati, "Mwana wanga, lero mapiritsiwa ayambe apuma, m'thupimu mulibe kanthu." Ine ndinati, "Ayi amayi, adokotala anati osadumphitsa. Imwani." Anamwa. Loweruka zinali chimodzimodzi, ndipo ndinachonga pa kalendala ndi mtima wokhutira.

Sizinathere pomwepo. Chifukwa chogona nthawi yaitali pa mphasa, msana ndi mawondo zinayamba kuwawa, ndiye ndinatuma mwana pa okala kukagula bulufeni. Anamwa katatu Lachisanu, katatu Loweruka. Mkazi wanga anasungunula Thanzi, koma amayi atalawa anakana, ati muli mchere, pamene kuchipatala anawaletsa mchere. Ine ndinawavomereza. Choncho masiku awiri athunthu ankangopsontha tiyi ndi timadzi ta phala. Ndivomerenso chinthu china: ndinkazengereza kupita nawo kuchipatala chifukwa choopa kuti akawaika ku matenti a kolera ndipo mudzi wonse udziwa. Chimbudzi chawo sichinali choyera ngati madzi otsukira mpunga, ndiye ndinadzinamiza kuti zingotha zokha.

Lamulungu m'mawa kutsegula m'mimba kunali kutachepa, koma amayi anali ofooka kuposa kale. Atadzuka kuti apite panja anachita chizungulire nagwera pa chitseko. Lilime linali louma, maso atalowa m'kati, ndipo ankayankha mochedwa ngati munthu wa tulo. Mkazi wanga ndiye anafunsa funso limene ine sindinaliganize: "Amayi, mwakodza liti komaliza?" Anati dzulo masana, pang'ono pokha, mkodzo wake wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinabwereka makina oyezera bipi kwa mnzanga. Amayi amene nthawi zonse ankakhala pa 140/85 anali pa 88/56. Apo m'pamene ndinathamanga kukafuna galimoto.

Kuchipatala anawaika dilipi nthawi yomweyo. Dokotala amene anatilandira, mnyamata wa msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa, anatsegula buku lija nafunsa kuti mapiritsi anawamwa liti komaliza. Ndinayankha monyada kuti lero lomwe m'mawa, sanadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Anafunsa ngati anamwa china chilichonse. Ndinatchula bulufeni. Anaika cholembera pansi nati, "Bambo, mwati ndinu aphunzitsi a bayoloje? Ndiye tandikumbutsani mmene impso imasefera magazi." Sanandikalipire. Anangondisiya kuti ndidziyankhe ndekha, monga mmene ine ndimachitira ndi ana a Fomu 4.

Tiyeni tibwerere m'kalasi pang'ono, chifukwa lamulo lonseli lagona pamenepa. Impso iliyonse ili ndi tisefa ting'onoting'ono pafupifupi miliyoni imodzi. Pa tsiku impso ziwirizi zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 kuchoka m'magazi, kenaka zimabweza pafupifupi onse m'thupi, n'kutaya lita imodzi ndi theka yokha ngati mkodzo. Kasefa kalikonse kali ndi kamtsempha kolowetsa magazi ndi kena kotulutsa, ndipo kusefako kumatheka pokhapokha magazi akamakankha mwamphamvu pakati pa timitsempha tiwirito. Ganizirani paipi yothirira dimba imene ili ndi timabowo m'mbali. Madzi a mu thanki akachepa, kuti apitirize kutuluka m'timabowomo mumachita zinthu ziwiri: mumatsegula mpopi kwambiri, ndipo mumatsina kumapeto kwa paipi ndi chala. Thupi nalo limachita zomwezo madzi akachepa. Limatambasula kamtsempha kolowetsa, n'kufinya kotulutsa, ndipo impso imapitiriza ntchito ngakhale munthu akutsegula m'mimba.

Tsono onani zimene ndinachita ine. HCT ndi mankhwala okodzetsa, ntchito yake ndi kuchotsa mchere ndi madzi m'thupi. Ndinali kuboola thanki imene inali kale ikudontha. Enalapril amatsitsa bipi poletsa thupi kupanga chinthu chimene chimafinya mitsempha, ndipo chinthu chomwecho ndi chimene chimafinya kamtsempha kotulutsa kaja. Ndinachotsa chala kumapeto kwa paipi. Bulufeni amaletsa zinthu zimene zimatambasula kamtsempha kolowetsa. Ndinatseka mpopi. Pa tsiku labwinobwino, munthu akudya ndi kumwa, enalapril ndi bwenzi la impso, ndipo amaziteteza makamaka kwa odwala shuga. Koma pa tsiku limene thupi lauma, atatuwa akakumana, kusefa kumatsika mwadzidzidzi. Zoipa zimene zimayenera kutuluka ndi mkodzo zimaunjikana m'magazi, kuphatikizapo mchere wa potaziyamu umene ukachuluka umasokoneza kugunda kwa mtima.

Atayeza magazi a amayi anapeza kuti kiriyatinini, chinthu chimene amayeza pofuna kudziwa mmene impso zikugwirira ntchito, anali atakwera pafupifupi katatu kuposa mlingo woyenera. Anagonekedwa masiku asanu. Usiku woyamba mkazi wanga anakhala akuyang'anira kabeseni ngati mlimi woyembekezera mvula, ndipo mkodzo utayamba kubwera Lolemba masana tinasangalala ngati mwana wakhoza mayeso. Tinachita mwayi. Impso zikavulala motere n'kuthandizidwa msanga ndi madzi, nthawi zambiri zimabwerera. Zikachedwa, munthu amafunika makina osefa magazi, ndipo kwa ife a kuno ndiye kuti ulendo wa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene odikira makinawo ndi ambiri.

Dokotala uja ndiye anandiuza kuti lamulo la osadumphitsa lili ndi mnzake, amene amatchedwa malamulo a tsiku lodwala. M'mayiko ngati Scotland ndi Canada odwala amapatsidwa kakhadi kapena kapepala kofotokoza zimenezi. Ife sitinauzidwepo, kapena mwina zinanenedwa pa tsiku la kiliniki pamene mzere unali wautali ine maganizo ali ku piriyodi imene ndinaisiya. Lamulolo ndi ili. Ngati mukusanza kapena kutsegula m'mimba mobwerezabwereza, kapena thupi latentha kwambiri mukutuluka thukuta ndi kunjenjemera, ndipo madzi amene akutuluka akuposa amene mukutha kumwa, mankhwala ena amayenera kupuma kaye mpaka mutachira. Kutsegula m'mimba kamodzi kapena kawiri, munthu akudya nsima yake ndi kumwa bwinobwino, si chifukwa chosiyira mapiritsi. Chimene tikuyang'ana ndi kuuma kwa thupi: ludzu losatha, m'kamwa mouma, mkodzo wochepa ndi woderapo, ndi chizungulire poimirira. Ngati muli ndi makina, yezani munthuyo atagona, kenaka ataimirira kwa mphindi imodzi. Nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena ikakhala pansi pa 100 kwa munthu amene amakhala pamwamba, thupi likukuuzani kuti lero silikufuna chotsitsa bipi china.

Mankhwala a bipi amene amapuma ali m'magulu atatu, ndipo kuwazindikira n'kosavuta. Loyamba ndi la okodzetsa: HCT, amene dzina lake lonse ndi hydrochlorothiazide, komanso bendroflumethiazide, furosemide amene ambiri amamudziwa kuti Lasix, ndi spironolactone. Lachiwiri ndi la mayina othera ndi zilembo za pril, monga enalapril, captopril ndi lisinopril. Lachitatu ndi la othera ndi sartan, monga losartan. Samalani ndi mapiritsi ogula ku famase, chifukwa ena amaphatikiza mitundu iwiri m'piritsi limodzi, monga losartan ndi HCT, ndiye werengani timalemba tating'ono ta pa bokosi. Pambali pa amenewa, pa masiku otere musayandikire bulufeni, indosidi kapena diclofenac. Ululu ukavuta, panado ndiye woyenera. Ndipo popeza ambiri a bipi alinso ndi shuga, dziwani kuti metformin nayenso amapuma thupi likauma, chifukwa impso zikafooka amaunjikana n'kuchititsa asidi m'magazi, pamene glibenclamide angathe kugwetsa shuga koopsa mwa munthu amene sakudya.

Mbali yachiwiri ya lamuloli ndi yofunika chimodzimodzi, chifukwa ndikudziwa kuti wina awerenga mothamanga n'kukauza agogo ake kuti asiye zonse. Ayi. Pali mankhwala amene sasiyidwa mwadzidzidzi. Atenolol ndi propranolol, othera ndi lol, akasiyidwa mwadzidzidzi mtima umatha kuthamanga kwambiri, ndipo kwa amene ali ndi vuto la mtima zimenezo n'zoopsa. Amlodipine ndi nifedipine sali m'gulu lovulaza impso motere, choncho kawirikawiri amapitirira, pokhapokha bipi itatsika kwambiri, ndipo apo woganiza akhale wachipatala. Jakisoni wa insulini sasiyidwa ngakhale munthu sakudya, amangofunika kuyeza shuga pafupipafupi ndi uphungu wa mlingo wake. Ma ARV, mankhwala a TB ndi a khunyu musawasiye pa inu nokha, koma kauzeni achipatala kuti mumamwa, makamaka ngati mukuwasanza. Amene anauzidwa kuti mtima wawo ndi wofooka, aja amatupa miyendo ndi kubanika akagona, asasiye Lasix asanalankhule ndi achipatala tsiku lomwelo, chifukwa kwa iwo madzi angathe kudzaza m'mapapo. Amayi oyembekezera nawo lamuloli si lawo, iwo athamangire kuchipatala basi.

Kupumitsa mapiritsi pakokha sikuchiza. Chochiza ndi kubwezera madzi, ndipo apa m'pamene ndinalakwitsa kachitatu. Mchere wa mu Thanzi si mdani wa munthu wa bipi amene akutsegula m'mimba, chifukwa ukungolowa m'malo mwa umene watayika. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini, ndipo zotsala zimatayidwa pakatha maola 24. Ngati Thanzi palibe, mu lita imodzi thirani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Munthu wamkulu amwe kapu imodzi kapena kuposa nthawi iliyonse akachoka kuchimbudzi. Akasanza, dikirani mphindi 10, kenaka yambaninso pang'onopang'ono ndi supuni.

Palinso malire a zimene tingachite pakhomo. Munthu akatha maola 12 osakodza, akamasanza chilichonse chimene wamwa, akayamba kusokonezeka kapena kugona tulo tosadzutsika bwino, m'chimbudzi mukaoneka magazi, kapena masiku awiri akatha osasintha, nkhani ya mapiritsi yatha, yatsala ya mayendedwe. Chimbudzi chikakhala chamadzi oyera ngati otsukira mpunga, musadikire ngakhale ola limodzi, chifukwa kolera amatha kuumitsa munthu wamkulu m'maola ochepa. Mwetsani Thanzi m'njira, ndipo nyamulani buku la kuchipatala ndi mapiritsi onse, ngakhale ogula pa okala. Manyazi anga a matenti aja akanatha kundiphera mayi.

Tsopano gawo limene anthu amaiwala, ndipo ife tinatsala pang'ono kugweramo: kuyambiranso. Kwa munthu amene wachira pakhomo, mapiritsi amayambiranso akatha maola 24 mpaka 48 akudya ndi kumwa monga mwa masiku onse. Amayambira pa mlingo wake wakale, osaphatikiza a masiku amene anadumpha. Kwa amayi zinali zosiyana chifukwa impso zinali zitavulala, ndiye anatuluka ndi amlodipine yekha, n'kutiuza kuti tibwerenso pakatha masabata awiri adzayezenso magazi asanabwezeretse enalapril. Magazi anapezeka bwino, enalapril anabwezeretsedwa pa mlingo wochepa. Koma amayi anali atamva zawozawo. Anauza anzawo a kumpingo kuti mapiritsi a bipi ndi amene anafuna kuwapha, ndipo ndinadzapeza timapiritsi tawo titabisidwa pansi pa mtsamiro. Nditawayeza anali pa 178/100, iwo akuti akumva bwinobwino. Bipi ndi mmene ilili, siichenjeza, ndipo mapeto ake ndi sitiroko, munthu kufa ziwalo mbali imodzi.

Tinakhala pakhonde madzulo amenewo, phiri la Mulanje litavala mitambo. Ndinati, "Amayi, tsiku lija munanena zoona, ine ndinalakwa. Koma lero mukulakwa ndinu." Anaseka nati, "Ndiye aphunzitsi nawonso amalephera mayeso?" Ndinawafotokozera za paipi ndi thanki, ndipo popeza moyo wawo wonse athirira dimba, anamva msanga kuposa ana ambiri a m'kalasi mwanga. Anati, "Ndiye kuti thanki ikadzaza chala chichoke, ikaphwa chala chibwerere." Kuyambira tsiku limenelo sanabisenso piritsi.

Ndinene chilungamo pa chinthu chimodzi. Akatswiri a impso a ku England amene anaunika malangizowa ananena poyera kuti umboni wa kafukufuku woti amachepetsadi kuvulala kwa impso ndi wochepa, ndipo nkhawa yawo yaikulu inali yomwe ija ya pansi pa mtsamiro: anthu kusiya pa chifukwa chaching'ono, kapena kusiya osayambiranso. N'chifukwa chake amalangiza kuti munthu aliyense akambirane ndi wachipatala wake za mapiritsi akeake, osangotengera za mnzake. Ine si dokotala, ndipo zimene ndalembazi cholinga chake n'choti mukhale ndi funso loti mukafunse musanadwale. Pa tsiku lanu lotsatira la kiliniki, tsegulani buku lanu kapena la makolo anu, mufunse kuti: mwa mapiritsi awa, ndi ati amene ndipumitse ndikayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba, ndi ati amene ndisasiye, ndipo ndidzayambirenso liti? Pemphani kuti akulembereni yankho m'buku momwemo, chifukwa matendawa amakonda kubwera usiku wa Loweruka pamene palibe womufunsa.

Kwathu tinachita chonchi. Pa chikuto cha m'kati cha buku la amayi tinalembapo mayina a mankhwala awo, ndipo pa dzina la enalapril ndinajambula mzere wozungulira ndi cholembera changa chofiira chochongera. Kapepala ka mapiritsi akewo timakamanga ndi ulusi wofiira, chifukwa amayi sawerenga zilembo zing'onozing'ono. M'kabati simusowa mapaketi a Thanzi, ndipo bulufeni sadutsa pakhomo pathu. M'nyengo yotentha ya chaka chotsatira anadwalanso m'mimba. Anapumitsa cha ulusi wofiira masiku awiri, anamwa Thanzi wawo akudandaula za mchere, ndipo tsiku lachinayi m'mawa anandiitana okha kuti ndiwapatse piritsi lawo. Kalendala ija ikadalipo pakhoma, koma tsopano ili ndi zizindikiro ziwiri: chochonga cha tsiku limene amwa, ndi kamzere ka tsiku limene apuma mwadala, kuti tisaiwale kuwerenga masiku oyambiranso.

Inu ana anga akale amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Joni, mumatumiza ndalama za mankhwala a makolo anu mwezi ndi mwezi, ndipo mumachita bwino. Mukaimba foni sabata ino, afunseni kuti akuwerengereni mayina a pa timapepala tawo, kapena mwana wa pakhomo akuwerengereni. Mukamva pril, sartan, HCT kapena Lasix, mwadziwa choti muwauze kuti akafunse ku kiliniki. Aphunzitsi anzanga a bayoloje, mukafika pa mutu wa impso, onjezani mphindi khumi za paipi ndi thanki. Ana ambiri amene akhala pa mabenchi aja ndi amene amaperekera mapiritsi kwa anganga awo kunyumba.

Amayi akupereka moni, ali kudimba.